Kamtsinje kamodzi, mayankho angapo: chifukwa chake mapu sagwirizana pa kutalika kwa mtsinje

Malire a pakati pa Spain ndi Portugal ndi amodzi, koma panali nthawi imene mabuku a mayiko awiriwa ankanena zosiyana za kutalika kwake. A ku Spain ankati ndi makilomita 987, pomwe a ku Portugal ankati ndi makilomita 1,214. Amene anazindikira zimenezi ndi Lewis Fry Richardson, katswiri wa masamu ndi zanyengo wa ku Britain, yemwe ankafufuza ngati kutalika kwa malire kuli ndi gawo pa kubuka kwa nkhondo pakati pa mayiko oyandikana. Atayang'ananso malire a Netherlands ndi Belgium anapeza zomwezo: mbali ina makilomita 380, mbali inayo 449.

Panalibe amene ankanama. Zigawo zitalizitali za malire a Spain ndi Portugal zimatsata mitsinje monga Minho, Douro ndi Guadiana, ndipo mzere wokhotakhota chonchi umatalika kapena kufupika malinga ndi mmene woyezayo wautsatira m'makona ake. Richardson anamwalira mu 1953, ndipo zimene anapezazi zinasindikizidwa mu 1961. Vuto lomweli limakumana ndi mwana wasukulu amene wapatsidwa mapu ndi ulusi m'kalasi ya jogalafe, komanso injiniya amene akufuna kudziwa kukula kwa kalavati yoti aike pamene msewu ukudutsa kamtsinje.

Kuyeza kulikonse ndi kudumpha

Pali njira zitatu zimene anthu amayezera mtsinje pa mapu. Yoyamba ndi ya ulusi: munthu amaugoneka pa mzere wabuluu kuchokera ku gwero mpaka kumathiriro, kenaka n'kuuwongola pa rula. Yachiwiri ndi ya kampasi ya nsonga ziwiri, ija imapezeka m'kabokosi ka zipangizo za masamu. Amaitsegula mwina mamilimita 5, n'kumaiyendetsa pa mzerewo phazi ndi phazi uku akuwerenga. Yachitatu ndi ya pa kompyuta, pamene mtsinje umasungidwa ngati mndandanda wa madontho, dontho lililonse lili ndi manambala osonyeza malo ake, ndipo makina amaphatikiza mitunda ya pakati pa dontho ndi linzake.

Njira zonsezi zili ndi khalidwe limodzi. Palibe imene imayendadi m'kona monga mmene madzi amachitira. Kampasi imalumpha kuchokera pa nsonga ina kufika pa ina mowongoka, ndipo kona iliyonse yaing'ono kuposa phazi lake imatsala yosawerengedwa. Kompyuta nayo imalumikiza madontho ndi timizere towongoka. Ngakhale ulusi uli ndi polekezera, chifukwa zala sizingaupinde m'kakona kochepera milimita imodzi. Ndiye phazi likakhala lalikulu, mtsinje umafupika. Likachepa, makona ambiri amalowa m'chiwerengero ndipo mtsinje umatalika.

Zimene wojambula mapu anataya kale

Woyeza asanagwire n'komwe ulusi, mapuwo amakhala atadula kale makona ena. Dipatimenti yoona za kuyeza malo m'Malawi ili ndi mapu a sikelo ya 1:50,000 ndi ena a 1:250,000. Pa mapu oyambawo, milimita imodzi papepala ikuimira mamita 50 pansi, kotero masentimita awiri ndi kilomita imodzi. Pa achiwiriwo, milimita imodzi ndi mamita 250.

Tsono mzere wabuluu uja nawonso uli ndi kunenepa kwake. Mzere wopyapyala wa mamilimita 0.2 ukuphimba mamita 10 pansi pa mapu a 1:50,000, ndipo pa mapu a 1:250,000 ukuphimba mamita 50. Kamtsinje kotambalala mamita 5 kamajambulidwa konenepa kuposa mmene kalili, apo ayi sikakanaoneka. Makona ake ang'onoang'ono sangakwane papepala popanda inki kugundana n'kusanduka chibanthu chabuluu. Wojambula amachita kusankha: ena amawasalaza, ena amawachotseratu, ndipo nthawi zina makona asanu amawaimira ndi awiri okulirapo kuti wowerenga angodziwa kuti pano mtsinje ndi wokhotakhota. Kumeneko si kulakwitsa ntchito. Mapu ojambulidwa popanda kutero sangawerengeke.

Chotsatira chake n'chakuti kukulitsa mapu pa makina ojambulira mapepala kapena pa foni sikubweza makona otayikawo. Mzere wotengedwa pa mapu a 1:250,000 ukhoza kudzaza sikirini yonse, koma umakhalabe ndi makona okhawo amene anasungidwa poujambula.

Kamtsinje koyeserera

Kuti zioneke bwino, ndi bwino kutenga kamtsinje kongopeka koma kopangidwa motsatira mmene mitsinje yeniyeni imakhalira. Akatswiri a ku America, Luna Leopold ndi Gordon Wolman, atayeza mitsinje yambiri m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti kukula kwa makona kumayendera kutambalala kwa mtsinje. Mtunda umene mtsinje umatenga kuti ukhotere kumanja, ubwerere kumanzere n'kuyambanso, nthawi zambiri umakhala kutambalala kwake kuchulukitsa ka 10 mpaka ka 14. Mtsinje waukulu umakhala ndi makona aakulu, kamtsinje kakang'ono kamakhala ndi timakona tating'ono.

Kamtsinje ka chitsanzochi ndi kotambalala mamita 5. Kuchokera ku gwero kukafika kumathiriro molunjika, osakhota, ndi makilomita 6. Koma chigwa chimene kakuyendamo chikuzungulira zitunda, kotero kutsata pakati pa chigwacho ndi makilomita 7.2. M'kati mwa chigwamo kamtsinjeko kakupindapinda, ndipo kona iliyonse ili ngati theka la mkombero lotambalala mamita 30. Makona otere akukwana 240 m'chigwa chonsecho.

Pa mapu a 1:250,000, kona ya mamita 30 ikanatenga mamilimita 0.12 okha, kuchepera kunenepa kwa mzere womwe. Palibe kona ngakhale imodzi imene ingaoneke. Woyeza apeza kutalika kwa chigwa, makilomita 7.2, kapena kuchepera pamenepo ngati wojambula anasalazanso makona a chigwacho. Pa mapu a 1:50,000, kona imodzi ikutenga mamilimita 0.6, ndipo ikupatuka pa mzere wapakati ndi mamilimita 0.3 basi. Mzere ukhoza kuoneka wonjenjemera pang'ono, koma ulusi sungalowemo, ndipo yankho lingakhale longoposa makilomita 7 pang'ono.

Tsopano wina watenga chithunzi chakuthwa chojambulidwa kuchokera kumwamba, chooneka mtengo ndi mtengo, n'kuyamba kuika madontho pakati pa madzi. Akaika dontho limodzi pa kona iliyonse, pamene kamtsinje kakudutsa pakati pa chigwa, ndiye kuti kona iliyonse waiwerenga mamita 30, ndipo wabwerera ku makilomita 7.2 aja. Akawonjezera dontho lina pansonga pa kona, kona ija ikusanduka timizere tiwiri ta mamita 21.2, pamodzi mamita 42.4, ndipo kamtsinje konse kakufika makilomita 10.2. Dontho limodzi lokha pa kona iliyonse lawonjezera makilomita atatu.

Akagawa kona iliyonse panayi, phazi lake likukhala pafupifupi mamita 11.5, kona ikukwana mamita 45.9, ndipo kamtsinje kakufika makilomita 11.0. Akagawa pasanu ndi patatu, phazi ndi pafupifupi mamita 6, ndipo yankho ndi makilomita 11.2. Ngakhale atapitiriza kuchulukitsa madontho mpaka dzanja kutopa, sadzapyola makilomita 11.3, chifukwa theka la mkombero wotambalala mamita 30 ndi lotalika mamita 47.1 basi.

Manambalawa akusonyeza zinthu ziwiri. Kulumpha kwakukulu kukuchitika pamene phazi la woyeza layamba kuchepera kukula kwa kona, kuchoka pa 7.2 kufika pa 10.2. Pambuyo pake kuwonjezekako kukunka kuchepa, ndipo phazi likafika pofanana ndi kutambalala kwa madzi, yankho likukhazikika.

Kodi kutalikako kumaleka kukula?

Funso limeneli linavutitsa akatswiri a masamu. Hugo Steinhaus wa ku Poland analemba mu 1954 kuti gombe lakumanzere la mtsinje wa Vistula, litayezedwa mosamala kwambiri, likhoza kutalika kakhumi, ka 100 ngakhale ka 1,000 kuposa mmene likuonekera pa mapu a kusukulu. Richardson uja anapeza kuti pa magombe a nyanja, kutalika kumakwera mwadongosolo phazi likamachepa, ndipo dongosololo likhoza kulembedwa motere:

```
L = k × s^(1 − D)
```

Apa L ndi kutalika kumene kwapezeka, s ndi kukula kwa phazi, k ndi nambala yosasintha ya gombe limenelo, ndipo D ikusonyeza mmene mzerewo wanyenyekera. Mzere wowongoka uli ndi D yokwana 1, ndipo umatalika chimodzimodzi kaya phazi likule kaya lichepe. Gombe la kumadzulo kwa Britain, lodzaza timagomo ndi timakhwawa tolowa m'nyanja, linapezeka ndi D ya pafupifupi 1.25, kutanthauza kuti kudula phazi pakati kumawonjezera kutalika ndi pafupifupi 19 peresenti. Gombe la South Africa, lomwe ndi losalala, linali ndi 1.02, ndipo kudula phazi pakati kumangowonjezera peresenti imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Mu 1967 Benoit Mandelbrot anatenga manambala amenewa n'kulemba nkhani yotchuka m'magazini ya Science yofunsa kutalika kwa gombe la Britain.

Koma pali kusiyana pakati pa gombe ndi njira ya madzi. Woyeza gombe akhoza kuzungulira chilumba cha mchenga, kenaka mwala, kenaka mizu ya bango, osapeza polekezera. N'chifukwa chake Steinhaus ankanena za gombe la Vistula. Anthu akamanena za kutalika kwa mtsinje amatanthauza mzere wodutsa pakati pa madzi, kapena wotsata pamene pali pakuya kwambiri, ndipo mzere umenewu sungakhote m'kakona kochepera kutambalala kwa madziwo. Mtsinje wotambalala mamita 100 sungapange kona ya mamita 10. Choncho mtsinje uli ndi kutalika kumene munthu angakufike, malinga ngati zipangizo zake zikuona zinthu zazing'ono ngati kutambalala kwa madzi ake. Pamenepa mitsinje ing'onoing'ono ndiyo imaponderezeka. Makona a Luangwa ku Zambia ndi aakulu moti amaoneka bwino pa mapu a 1:50,000, pomwe a kamtsinje ka m'dambo amasowa pa mapu omwewo.

Mtsinje wopangidwa ndi kompyuta

Masiku ano mizere yambiri ya mitsinje imene anthu amatenga pa intaneti sinajambulidwe ndi munthu. Inawerengeredwa kuchokera ku manambala a kukwera kwa nthaka. Mu February 2000, chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Endeavour chinazungulira dziko kwa masiku 11 chikuyeza kukwera kwa nthaka ndi rada, pa ntchito yodziwika ndi dzina lakuti SRTM. Zotsatira zake zinagawa nthaka m'timabokosi, kalikonse kali ndi nambala imodzi yosonyeza kukwera kwake. Kwa zaka zambiri, timabokosi ta Africa timene tinkapezeka kwa aliyense tinali ta mamita pafupifupi 90 mbali iliyonse. Ta mamita 30 tinayamba kuperekedwa mu 2014.

Timabokosi timeneti timagwira ntchito ngati maso a ukonde: chilichonse chocheperapo chimapulumuka. M'kabokosi ka mamita 90 mukulowa makona atatu a kamtsinje kaja, ndipo onsewo akuimiridwa ndi nambala imodzi. M'ka mamita 30 mukulowa kona imodzi, yomwe ikusowabe, chifukwa kuti kona ioneke pafunika timabokosi tingapo m'litali mwake. Zithunzi za setilaiti nazo zili ndi malire omwewo: za Landsat kadontho kamodzi ndi mamita 30, za Sentinel-2 ndi mamita 10, kuwirikiza kawiri kutambalala kwa kamtsinje ka mamita 5.

Kuti ipeze njira ya madzi, kompyuta kawirikawiri imagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa D8. Kabokosi kalikonse kazunguliridwa ndi anzake asanu ndi atatu, ndipo madzi amatumizidwa kwa mnzake amene njira yopita kwa iye ndi yotsetsereka kwambiri. Ndiye mtsinje umangoyenda mbali zisanu ndi zitatu zokha: kumpoto, kumwera, kum'mawa, kumadzulo ndi zinayi za pakati pake. Madzi enieni sadziwa lamulo limeneli, ndipo apa pakubadwa cholakwika chachiwiri chokokera mbali ina. Ngati khwawa lowongoka likuyenda mamita 60 chakum'mawa ndi mamita 30 chakumpoto, kutalika kwake kwenikweni ndi mamita 67. Pa timabokosi ta mamita 30, kompyuta iyenda kabokosi kamodzi molunjika, mamita 30, kenaka kena mopingasa, mamita 42.4, n'kupeza mamita 72.4. Yawonjezera 8 peresenti pa mzere umene sunakhote n'komwe.

Choncho mtsinje wochokera mu timabokosi umafupika chifukwa makona enieni atayika, n'kutalikanso pang'ono chifukwa cha timasitepe tabodza. Pa kamtsinje ka chitsanzo kaja, yankho lingagwere pakati pa makilomita 7.2 ndi 7.8, ndipo wosadziwa angaganize kuti owonjezekawo ndi makona amene makina agwira.

Mzere wotere sumavuta kuuzindikira. Ukaukulitsa pa sikirini, makona ake onse amakhala ofanana, opindika ngati ngodya ya nyumba kapena theka lake. M'madambo ndi m'zigwa zosalala, mmene kusiyana kwa kukwera kwa nthaka n'kochepa kuposa zolakwika za rada, mzerewo umadutsa mowongoka ngati ngalande yokumba, nthawi zina kutali ndi kumene madzi akuyendadi. Vuto limakula pamene m'mbali mwa mtsinje muli mitengo italiitali, chifukwa rada ya SRTM inkagunda kwambiri pa masamba, ndipo khwawa lokutidwa ndi mitengo likhoza kuoneka lokwera kuposa minda yolizungulira.

Kuyenda ndi foni ya GPS m'mphepete mwa madzi nakonso kuli ndi msampha wake. Foni imaphonya malo ndi mamita angapo, uku ndi uku. Ikamalemba dontho pa sitepe iliyonse, kuphonyako kumapanga timakona tosakhalapo, ndipo mtunda umakula kuposa weniweni. Apa kuchulukitsa madontho kumawononga m'malo mokonza.

Poyambira, tsiku ndi mtundu wa mapu

Ngakhale makona onse atayezedwa bwino, pamatsala mafunso atatu. Loyamba ndi lakuti mtsinjewo wayambira pati. Pa mapu a papepala, wojambula ndiye anasankha pothera mzere wabuluu. Pa kompyuta, wogwiritsa ntchito amauza makina kuti khwawa liyambe kutchedwa mtsinje likasonkhanitsa madzi a timabokosi tingati. Akanena 1,000 pa timabokosi ta mamita 30, mtsinje uyamba pamene watunga madzi a mahekitala 90. Akanena 100, uyamba pa mahekitala 9, kumtunda kwambiri m'phiri, ndipo utalika. Pansi penipeni napo gwero limasuntha: mu February madzi amatumphuka kumtunda, pofika October khwawa lomwelo ndi mchenga wokhawokha. Mkangano wa Nile ndi Amazon umachokera kwambiri pa funso limeneli. Mabuku ambiri amapatsa Nile makilomita pafupifupi 6,650 ndipo Amazon 6,400, koma mu 2007 akatswiri a ku Brazil analengeza kuti Amazon ndi yotalika pafupifupi makilomita 7,000 atasankha gwero lakutali m'mapiri a ku Peru ndi njira yotalikirapo kumathiriro.

Lachiwiri ndi tsiku. Mtsinje wokhotakhota umadya gombe lakunja kwa kona n'kumasiya mchenga m'kati mwake, mpaka makona awiri atakumana ndipo madzi n'kudulira pafupi, kusiya thamanda lopindika ngati amene ali mbwee m'chigwa cha Luangwa. Kudulira kulikonse kumafupikitsa mtsinje tsiku limodzi lokha. Songwe, womwe ndi malire a Malawi ndi Tanzania, amadziwika ndi kusamuka kotere m'chigwa chake chakumunsi, moti minda imapezeka tsidya lina madzi akaphwa. Anthu nawo amadula makona: ntchito yowongola Rhine imene Johann Gottfried Tulla anayambitsa mu 1817 inafupikitsa mtsinjewo ndi makilomita pafupifupi 80 pakati pa Basel ndi Worms. Mapu ojambulidwa zaka makumi angapo zapitazo ndi chithunzi cha chaka chino akhoza kusiyana popanda wolakwa.

Lachitatu ndi mmene dziko lobulungira lagonekedwera papepala. Mapu ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito kagonekedwe kotchedwa Web Mercator, kamene kamatambasula mitunda mukamatalikirana ndi ikweta. Cha ku Zomba ndi Blantyre, madigiri 15 kapena 16 kumwera, kutambasukako ndi pakati pa 3 ndi 4 peresenti, ndipo pa madigiri 60 mtunda umawirikiza kawiri. Woyeza mtsinje wa m'Malawi amapewa zimenezi posamutsira mzere wake ku UTM chigawo 36S, kumene manambala ali m'mamita ndipo kutambasuka n'kochepa kwambiri. Mu pulogalamu ya QGIS muli njira ziwiri zooneka zofanana:

```
$length
length($geometry)
```

Yoyamba imatsatira kubulungira kwa dziko ngati kwasankhidwa m'makonzedwe a ntchitoyo. Yachiwiri imangowerenga manambala a mzerewo monga alili, moti ngati anasungidwa m'madigiri, kamtsinje ka makilomita 11 katuluka ngati 0.1.

Kutsetsereka kwa phiri, kumene ambiri amakuopa, sikusintha zambiri. Mapu amayeza ngati nthaka ndi yosalala, koma ngakhale kamtsinje kotsika mamita 10 pa mamita 100 aliwonse, komwe ndi kotsetsereka zedi, kamangotalika ndi theka la peresenti.

Yankho loyenera ntchito yake

Kutalika kwa mtsinje sikuthera pa nambala imodziyo, chifukwa kumalowa m'masamu ena. Ngati kamtsinje kaja kakutsika mamita 90 kuchokera ku gwero kufika kumathiriro, wogwiritsa ntchito makilomita 7.2 anena kuti kakutsika mamita 12.5 pa kilomita, pomwe wa makilomita 11.3 apeza mamita 8. Ngati madzi akuyenda theka la mita pa sekondi, woyambayo awerengera kuti atenga maola anayi kuti atsike konse, wachiwiriyo maola oposa asanu ndi limodzi. Amene akufuna kudziwa nthawi imene mankhwala otayikira m'madzi kumtunda angafikire pamene anthu amatunga, akufunika kutalika kotsata kona iliyonse.

Koma si nthawi zonse pamene nambala yaikulu ndiyo yothandiza. Mvula ikagwa yamphamvu madzi n'kusefukira, sayendanso m'makona. Amadutsa pamwamba pa dambo motsata chigwa, ndipo makilomita 7.2 aja ndi amene ali pafupi ndi njira yeniyeni ya chigumula chopita pa kalavati. Palinso njira zina zowerengera kusefukira kwa madzi zimene zinapangidwa ndi mitunda yoyezedwa pa mapu a sikelo inayake, ndipo kuikamo mtunda wochokera pa chithunzi chakuthwa kwambiri kumasokoneza zotsatira.

Ngakhale dzina la mtundu wa mtsinje limasintha. Akatswiri amagawa kutalika kwa njira ya madzi ndi kutalika kwa chigwa, ndipo yankho likaposa 1.5 amati mtsinjewo ndi wokhotakhota. Kamtsinje kaja kakupereka 11.3 kugawa ndi 7.2, zomwe ndi 1.57. Amene ali ndi mapu a 1:250,000 okha, osaona makona, angagawe 7.2 ndi 6 n'kupeza 1.2, n'kukalemba kuti n'kongopindika pang'ono.

Njira yodziwira ngati yankho lakhazikika ndi yoyeza kawiri. Woyeza amatenga phazi lina, n'kubwerezanso ndi theka lake. Ngati yankho lalumpha ngati kuchoka pa 7.2 kufika pa 10.2, ndiye kuti akadali kutali. Ngati lasuntha ngati kuchoka pa 11.0 kufika pa 11.2, wayandikira. Koma kukhazikikako kukhoza kukhala kwa mapu chabe: mzere wa pa mapu a 1:250,000 nawo umaleka kukula pa 7.2, chifukwa makona anachotsedwa kale. N'chifukwa chake amafunikanso kuona kutambalala kwa madzi pa chithunzi kapena pamalopo, n'kukuchulukitsa ka 10 kuti adziwe kukula kwa makona amene ayenera kuyembekezera. Ngati kadontho ka chithunzi chake, kapena milimita imodzi ya mapu ake, ikuyandikira kukula kumeneko, ndiye kuti wayeza chigwa osati mtsinje.

Polemba lipoti, kompyuta imatha kupereka nambala ngati mamita 11,304.27, koma manambala akumapetowo alibe chimene akunena. Zimene wowerenga akufunika ndi "makilomita pafupifupi 11.3", kutsatana ndi mawu ofotokoza kuti mzerewo unadutsa pakati pa madzi, unayambira pati n'kuthera pati, unatengedwa pa mapu a sikelo yanji kapena chithunzi cha chaka chiti, madontho anatalikirana mamita angati, ndiponso kuti unayezedwa mu UTM 36S. Wina amene wapeza makilomita 7.5 pa kamtsinje komweko akhoza kuika zake pambali pa zimenezi n'kuona ngati kusiyanako kwachokera ku sikelo, ku gwero kapena ku kona imene madzi anadula mvula ya chaka chatha.